Zimene Zimatalikitsa Nyengo Yokama Mbuzi ya Mkaka

Mbuzi ya mkaka imene yaswa lero ikhoza kukamidwa miyezi 10, ikhozanso kuuma m'mwezi wachisanu, ndipo kusiyana kumeneku nthawi zambiri sikuchokera ku mtundu wake wokha koma ku zimene zimachitika m'khola tsiku ndi tsiku. Mitundu yodziwika ndi mkaka, monga Saanen ndi Toggenburg za ku Switzerland, Alpine ya ku France ndi Anglo-Nubian ya ku Britain, inasankhidwa kwa mibadwo yambiri kuti izitulutsa mkaka wochuluka kwa nthawi yaitali, pamene mbuzi zachikuda za kuno zimatulutsa wongokwanira kulera ana ake n'kuuma anawo akayamba kudya okha. Ndicho chifukwa chake ku Bunda kunayesedwa kukweretsa mbuzi zachikuda ndi atonde a Saanen, monganso bungwe la FARM-Africa linachitira ndi Toggenburg ku Meru m'dziko la Kenya. Komabe mtundu umangoika malire a zimene mbuzi ingathe. Kuti ifike pa malirewo, ndiponso kuti ikhalepo miyezi yambiri, zimadalira chakudya ndi kakamidwe.

M'mabuku a ulimi wa ziweto nyengo yathunthu yokama imawerengedwa masiku 305, kenako masiku pafupifupi 60 opuma mbuzi isanaswenso. Mkaka sutuluka mofanana m'masiku onsewa. Umayamba ndi uja woyamba, wolimba ndi wachikasu, umene ndi wa ana basi chifukwa uli ndi chitetezo chimene matumbo awo amatha kuchilandira bwino m'tsiku loyamba lokha. Kuchokera apo umakwera mofulumira n'kufika pachimake pakati pa sabata lachinayi ndi lachisanu ndi chitatu, ndipo ukatero umayamba kutsika. Kutsikako sikulephereka, ngakhale pa mbuzi yosamalidwa bwino motani, koma liwiro lake ndilo limene lili m'manja mwa mlimi, ndipo nkhani yonse yotalikitsa nyengo yokama yagona pamenepa.

Zimene zimachitika m'kati mwa bere

Mbuzi ili ndi mabere awiri, lililonse ndi nsonga yake, ndipo ngakhale ali m'chikopa chimodzi, mkaka wa lina sudutsira ku linzake. M'kati mwa lililonse muli timatumba tating'ono kwambiri tosaoneka ndi maso, tokutidwa ndi maselo, kutanthauza tizigawo ta moyo timene timapanga thupi, ndipo maselo amenewa ndiwo amatapa zakudya m'magazi n'kuzisandutsa mkaka. Ntchitoyi ndi yaikulu kuposa mmene imaonekera, pakuti malita 400 mpaka 500 a magazi amayenera kudutsa m'bere kuti lita imodzi ya mkaka ipangike. Kuchuluka kwa mkaka kumatsatira makamaka shuga wa mumkaka wotchedwa lakitozi, amene amakoka madzi kulowa m'timatumbato. Shugayu amapangidwa kuchokera ku gulukosi, amene chiwindi cha mbuzi chimapanga kuchokera ku zimene zagayidwa m'chifu, choncho mbuzi imene yapereweredwa chakudya chopatsa mphamvu imachepetsa mkaka m'masiku ochepa chabe.

Akatswiri a ku Hannah Research Institute ku Scotland, pakati pawo Malcolm Peaker, Christopher Knight ndi Colin Wilde, anafufuza kwambiri mabere a mbuzi m'zaka za m'ma 1980, ndipo anapeza zinthu ziwiri zimene mlimi aliyense ayenera kuzidziwa. Choyamba n'chakuti mkaka ukadutsa pachimake umatsika makamaka chifukwa maselo opanga mkaka amafa pang'onopang'ono kuposa mmene atsopano amabadwira, osati chifukwa otsalawo atopa. Chachiwiri anachiona pokama bere limodzi katatu pa tsiku, linalo kawiri, pa mbuzi imodzi yomweyo: mkaka unachuluka m'bere lokamidwa katatu lokha, ngakhale onse awiri ankalandira magazi amodzi ndi chakudya chimodzi. Izi zinasonyeza kuti bere lililonse limadzilamulira lokha. Mkaka ukakhalitsamo umachititsa maselo kuchepetsa ntchito, ndipo zikamachitika mobwerezabwereza maselo ambiri amafa msanga.

Tanthauzo lake pa khola ndi lolemera. Mbuzi ikasowa chakudya kwa masiku awiri kapena atatu, maselo amangochepetsa ntchito ndipo mkaka umabwerera chakudya chikabwerera. Koma ikakhala masabata angapo ikudya mapesi okhaokha, kapena ikukamidwa lero n'kudumphidwa mawa, maselo amene atayika sabwerera onse m'nyengo yomweyo, ndipo mlimi amene wayamba kuthira madeya ambiri mochedwa amangonenepetsa mbuzi popanda kubweza mkaka wake wakale. Bere limadzimanganso mokwanira pamene mbuzi yatenganso bere ndipo yayandikira kuswa.

Masabata oyamba, pamene mbuzi imadya thupi lake

Vuto lalikulu la miyezi iwiri yoyamba ndi lakuti mkaka umafika pachimake chilakolako cha chakudya chisanafike pachimake. Pamene ana anali m'mimba anapanikiza chifu, ndipo chimatenga masabata angapo kuti chiyambenso kulandira chakudya chochuluka, pamene bere layamba kale kufuna zambiri. Mbuzi imakwaniritsa kuperewerako posungunula mafuta a m'thupi lake, ndipo n'chifukwa chake ngakhale yodyetsedwa bwino imatsika thupi pang'ono ikangoswa. Kutsika pang'ono n'kwachibadwa, koma ngati inaswa ili yowonda kale ilibe chosungunula, chimake chake chimakhala chotsika, ndipo miyezi yonse yotsatira imayambira pa chimake chotsikacho.

Choncho kudyetsera mkaka kumayamba mbuzi isanaswe. Mbuzi imakhala ndi bere masiku pafupifupi 150, ndipo ana amakula kwambiri m'masabata 6 omaliza, nthawi yomweyonso imene maselo a mkaka akumangidwa. M'masabata amenewa iyenera kuyamba kulandira chakudya chowonjezera pang'onopang'ono, kuyambira dzanja limodzi mpaka magalamu 300 kapena 400 pa tsiku pofika poswa. Njira yodziwira ngati ili bwino ndi kuigwira pamsana kuseri kwa nthiti: ngati mafupa a msana akubaya zala ndiye kuti yawonda, ngati sakumveka n'komwe ndiye kuti yanenepa mopitirira, ndipo yoyenera ndi imene mafupa ake akumveka pokhapokha wogwirayo akasindikiza pang'ono. Kunenepa mopitirira nakonso n'koopsa, chifukwa mbuzi yotere, makamaka ikakhala ndi mapasa, imatha kusiya kudya chakumapeto, kufooka n'kugona, pamene chiwindi chalemedwa ndi mafuta osungunuka.

Chakudya cha tsiku limodzi

Kuti ziwerengero zimveke, n'kothandiza kutenga chitsanzo cha mbuzi imodzi, yobadwa kwa tonde wa Saanen ndi mbuzi yachikuda, yolemera makilogalamu 45, yosungidwa m'khola lam'mwamba m'chigawo chapakati cha Malawi, imene yaswa mu Epulo ndipo pachimake ikutulutsa malita 2.5 pa tsiku. Mbuzi yokamidwa imadya chakudya cholemera pafupifupi 4 peresenti ya kulemera kwake, powerengera chakudyacho madzi ake atachotsedwa. Kwa mbuzi imeneyi ndi makilogalamu 1.8 a chakudya chouma. Mfundo ya madziyi ndi imene imasokoneza ambiri, pakuti nsenjere yaiwisi magawo anayi mwa asanu ndi madzi, moti mtolo wa makilogalamu 4, umene umaoneka waukulu m'chodyera, uli ndi chakudya chenicheni chosapitirira magalamu 800.

Makilogalamu 1.8 aja angagawidwe motere. Nsenjere yaiwisi yodulidwadulidwa ikhale makilogalamu 3.5 mpaka 4, ndipo ikhale yodulidwa isanatalike kupitirira mita imodzi, chifukwa ikakula n'kukhala ngati bango zomanga thupi zake zimatsika ndipo mbuzi imangosankha masamba n'kusiya mitengo. Pamwamba pake pakhale magalamu 350 a masamba ouma a mbewu za mtundu wa nyemba, monga masangwi a mtedza, masamba a nandolo, lukina, gilisidiya kapena kaliyandira. Chotsalacho ndi chakudya chowonjezera, magalamu pafupifupi 800, potsatira muyeso wodziwika wa magalamu 300 mpaka 400 pa lita iliyonse ya mkaka. Madeya okha sakwanira, popeza zomanga thupi zake zili pafupifupi 10 peresenti pamene mbuzi yokamidwa imafuna 14 mpaka 16 peresenti m'chakudya chake chonse. Kusakaniza miyeso itatu ya madeya ndi muyeso umodzi wa soya wokazinga ndi wogaya, poyeza kulemera kwake, kumakweza chakudyacho kufika pafupifupi 17 peresenti, ndipo zotsalira za mpendadzuwa woyengedwa mafuta zingalowe m'malo mwa soya, muyeso umodzi pa miyeso iwiri ya madeya. Soya ayenera kukazingidwa, makamaka ngati ana a mbuzi adzadyako nawo, chifukwa wosaphika ali ndi zinthu zolepheretsa kugaya bwino zomanga thupi.

Masamba a mtundu wa nyemba ali ndi ntchito yoposa kungowonjezera zomanga thupi. Mbuzi sigaya udzu yokha. M'chifu chake chachikulu muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaswa udzuwo, ndipo tizilomboti timafooka ngati chakudya chili ndi zomanga thupi zosafika 7 peresenti. Mapesi a chimanga ndi udzu wouma wa m'chilimwe zili pansi pa muyeso umenewu, choncho zimakhalitsa m'chifu, mbuzi imaoneka yokhuta mimba ili tuu, koma ikudya zochepa ndipo ili ndi njala. Masangwi kapena lukina wochepa amadzutsa tizilomboto, mapesi omwewo amayamba kugayika msanga, ndipo mbuzi imadya ambiri. Masambawa alinso ndi kashiamu wambiri, mchere wa m'mafupa umene umatuluka wochuluka mumkaka ndipo m'madeya ndi wochepa. Lukina yekha ali ndi malire ake: ali ndi mankhwala achibadwa otchedwa mimosini, ndipo asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse, chifukwa akachuluka kwa nthawi yaitali mbuzi imathothoka ubweya, imatuluka dovu ndipo imasiya kudya bwino. Gilisidiya mbuzi zina zimamukana ali wamuwisi chifukwa cha fungo, koma akafota kwa tsiku limodzi zimamudya.

Chakudya chowonjezera chili ndi ngozi imene alimi ofunitsitsa mkaka amagweramo kawirikawiri. Madeya kapena chimanga chikaperekedwa chambiri nthawi imodzi, chimasasa mofulumira m'chifu n'kupanga asidi wambiri, amene amapha tizilombo togaya udzu. Zizindikiro zake zimaoneka pafupi: ndowe zimene zimakhala timibulu touma zimayamba kumatana kapena kukhala zamadzi, mbuzi imasiya kubzikula, imakukuta mano, ndipo mafuta a mumkaka amachepa. Pofuna kupewa zimenezi magalamu 800 aja agawidwe kawiri kapena katatu, asapitirire theka la chakudya chonse, udzu uzikhala m'chodyera nthawi zonse, ndipo kusintha kulikonse kwa chakudya kuchitike m'masiku 7 mpaka 10. Madeya ochita nkhungu asaperekedwe konse, pakuti poizoni wa chuku amadutsa m'thupi la mbuzi n'kutuluka mumkaka umene ana a pakhomo adzamwe.

Madzi satenga mawu ambiri koma amadula mkaka msanga kuposa china chilichonse. Mkaka wa mbuzi pafupifupi 87 peresenti ndi madzi, ndipo mbuzi ya m'chitsanzoyi ingamwe malita 8 mpaka 10 pa tsiku lotentha la Okutobala ikamadya zouma. Mbuzi imanyansidwa ndi madzi ogweramo ndowe ndipo imalolera kukhala ndi ludzu, choncho chomwera chiikidwe kunja kwa khola pamene ingafikire ndi mutu wokha. Mchere wa pakhomo pang'ono, kapena mwala wonyambita wogulidwa, uzikhala pafupi.

Masamu a chilimwe

Mbuzi ya m'chitsanzoyi ili ndi mwayi woswa pamene msipu udakali wobiriwira ndipo zokolola zikulowa, koma miyezi yake yotsika mkaka ikugwera m'chilimwe, kuyambira Juni mpaka mvula itagwa mu Novembala kapena Disembala. Tiyerekeze kuti m'mwezi woyamba inatulutsa malita 2 pa tsiku ndipo m'mwezi wachiwiri malita 2.5. Ngati kuchokera apo mkaka ukutsika ndi 8 peresenti mwezi uliwonse, mmene zimakhalira pa mbuzi yodya ndi kukamidwa mosadukiza, m'mwezi wachisanu ndi chimodzi idzakhala ikupereka malita 1.8, m'mwezi wakhumi malita 1.3, ndipo nyengo yonse idzapereka malita pafupifupi 555. Ngati ukutsika ndi 20 peresenti mwezi uliwonse, mmene zingakhalire nsenjere ikauma popanda cholowa m'malo mwake, m'mwezi wachisanu ndi chimodzi idzakhala pa lita imodzi, m'mwezi wakhumi pansi pa theka la lita, ndipo yonse pamodzi idzakhala malita pafupifupi 385. Mbuzi ndi yomweyo, chimake ndi chomwecho, koma malita 170 asowa, ndipo kawirikawiri amasowa ochuluka kuposa apa chifukwa mlimi amaleka kukama akaona kuti mkaka sukudzazanso kapu.

Chimene chimatseka mpata umenewu si chakudya chogula chambiri koma kusunga masamba pa nthawi yake. Nsenjere ikachepa, mbuzi imafuna magalamu pafupifupi 500 a masamba ouma a mtundu wa nyemba pa tsiku, ndipo kwa masiku 180 a chilimwe ndi makilogalamu 90 pa mbuzi imodzi. Masangwi a mtedza asonkhanitsidwe mtedza ukangothotholedwa, aumitsidwe pamthunzi n'kusungidwa pathandala lofoleredwa, chifukwa akasiyidwa m'munda padzuwa masamba amayoyoka n'kutsala timitengo, pamene chakudya chenicheni chili m'masambamo. Masamba a lukina ndi gilisidiya amadulidwa chakumapeto kwa dzinja, n'kuumitsidwa masiku awiri kapena atatu mpaka atayamba kufufutika m'manja akadali obiriwira, kenako n'kuikidwa m'matumba. Kumene kuli mitengo ya nsangu, zipatso zake zimagwa m'chilimwe momwemo ndipo mbuzi zimazikonda. Mlimi amene amayamba kufunafuna chakudya mu Ogasiti, mkaka utatsika kale, wachedwa ndi miyezi itatu.

Chakudya chowonjezera chizitsika motsatira mkaka, osati kuutsogolera. Njira yabwino ndi kuyeza mkaka ndi chikho chimodzi chomwecho, kulemba m'kope kamodzi kapena kawiri pa sabata, ndi kusintha muyeso wa madeya kamodzi pa mwezi. Kopelo ndilo limasiyanitsa kutsika kwachibadwa ndi vuto. Mkaka wotsika pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi si wodetsa nkhawa, koma wogwa mwadzidzidzi m'masiku awiri uli ndi chifukwa chake: madzi asowa, chakudya chasinthidwa, mbuzi ikufuna tonde, kapena yadwala.

Kakamidwe

Mbuzi ili ndi mwayi umene ng'ombe ilibe. M'munsi mwa bere lake, pamwamba pa nsonga, muli chibowo chachikulu chosungira mkaka, chimene chimasunga magawo awiri mwa atatu kapena kuposerapo a mkaka wonse, pamene cha ng'ombe chimasunga gawo laling'ono. Chifukwa cha ichi mbuzi imapirira kutalikirana kwa nthawi zokama kuposa ng'ombe. Kafukufuku wa ku Barcelona m'dziko la Spain, pa mbuzi za mtundu wa Murciano-Granadina, anapeza kuti zokamidwa kamodzi pa tsiku zinapereka mkaka wochepa ndi 18 peresenti poyerekeza ndi zokamidwa kawiri. Kutayako kumakhala kwakukulu m'miyezi yoyamba ndi pa misoti yoswa koyamba, imene chibowo chake chikadali chaching'ono, ndipo kumachepa chakumapeto kwa nyengo. Choncho nzeru yake ndi kukama kawiri, motalikirana pafupifupi maola 12, m'miyezi imene mkaka uli wambiri, ndipo ngati ntchito za kumunda zikukakamiza kukama kamodzi, kusinthako kudikire mpaka mkaka utatsikira ku lita imodzi. Chimene chimawononga kwambiri si kukama kamodzi kokhazikika koma kukama kosakhazikika.

Mkaka wotsala m'timatumba ta pamwamba, umene ndiwo uli ndi mafuta ambiri, sutsika wokha. Nsonga zikagwidwa kapena kupukutidwa, ubongo umatulutsa m'magazi mankhwala a m'thupi otchedwa okisitosini, amene amafinya timatumbato n'kukankhira mkaka pansi. Amafika pabere pasanathe mphindi imodzi kapena ziwiri ndipo mphamvu yake imatha m'mphindi zochepa, choncho kukama kuyambe mwamsanga bere likangopukutidwa ndipo kuthe m'mphindi pafupifupi 5. Mantha amalepheretsa zonsezi, chifukwa adirenalini, mankhwala a m'thupi otuluka nyama ikadzidzimuka, amachepetsa magazi opita kubere. Galu wouwa pafupi, mwana woigwira miyendo mwankhanza, kapena wokama wachilendo tsiku lililonse, zonsezi zimachititsa chimene alimi amati mbuzi yabisa mkaka, ndipo mkaka wobisikawo ndiwo umauza maselo kuti achepetse ntchito. Mbuzi imazolowera msanga dongosolo lake: malo amodzi, nthawi imodzi, munthu mmodzi, ndi madeya ake m'chodyera cha pathandala lokamira, moti pakapita masiku ochepa imakwera yokha.

Kagwiridwe ka nsonga kali ndi njira yake. Wokama, atasamba m'manja ndi kupukuta bere ndi kansalu koyera mpaka liume, amatseka nsonga kumtunda ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala kuti mkaka usabwerere m'mwamba, kenako amafinya ndi zala zotsalazo chimodzi pambuyo pa chinzake kutsikira pansi. Kukoka nsonga kapena kuitsetsereza pakati pa zala kumavulaza khungu la m'kati mwake, limene ndi lofewa kwambiri pa mbuzi. Madontho oyamba akamiridwe m'kapu yakuda m'kati, padera, kuti aoneke ngati ali ndi timibulu, ulusi kapena magazi. Mkaka ukayamba kuchepa, bere lisisitidwe pang'ono kuchokera kumtunda n'kukamanso mpaka litafota. Pomaliza nsonga ziviikidwe m'mankhwala a ayodini opangidwira ntchitoyi, ndipo mbuzi ipatsidwe udzu watsopano kuti iime ikudya kwa theka la ola, chifukwa kabowo ka kunsonga kamakhala kotseguka kwakanthawi ndipo ikagona pa ndowe majeremusi amalowa.

Matenda otupitsa bere ndiwo amawononga maselo mosabwezeka kuposa njala. Bere lodwala limatentha, limalimba, limapweteka, ndipo mbuzi imaponda ikagwidwa, koma pali mtundu wina wobisika umene umangodziwika poona kuti bere lina likupereka mkaka wochepa kuposa linzake sabata ndi sabata. Malo amene matenda adutsa amasanduka chipsera cholimba chimene sichipanganso mkaka. Mbuzi yotere ikamidwe pomalizira pa zinzake, ikamidwe pafupipafupi, ndipo mlangizi wa ziweto aitanidwe msanga, makamaka ngati bere layamba kuzizira ndi kuda, pakuti pamenepo moyo wa mbuzi uli pangozi. Mkaka wa mbuzi imene yalandira mankhwala usamwedwe mpaka masiku olembedwa pa botolo atatha. Nyongolotsi zoyamwa magazi m'chifu nazo zimachuluka pa mbuzi zongoswa kumene, makamaka m'dzinja, ndipo chizindikiro chake chodalirika ndi m'kati mwa chikope cham'munsi, mmene muyenera kukhala mofiira, osati motuwa. Njira yoyezera poona chikope, yotchedwa FAMACHA, inapangidwa ku South Africa.

Pa makola ang'onoang'ono ana a mbuzi amagawana mkaka ndi banja. Njira imene imagwira bwino ndi kuwasiya ndi make masabata awiri oyamba, kenako kuwapatula usiku, kukama m'mawa, ndi kuwabwezera masana. Ngati mwana ndi mmodzi, kawirikawiri amakonda bere limodzi, ndipo linalo likapanda kukamidwa limatupa, kenako limafota n'kuuma msanga, choncho liyenera kuonedwa madzulo aliwonse. Nthawi yoopsa ndi yoletsa ana kuyamwa, pa miyezi iwiri kapena itatu. Ana amayamwa kambirimbiri pa tsiku, ndipo akachotsedwa pamene mlimi akupitiriza kukama m'mawa mokha, bere limaona ngati ntchito yatha. Kukama kwa madzulo kuyambe tsiku lomwelo limene ana achotsedwa.

Tonde ndi kutha kwa nyengo

Kutenganso bere kumatsitsa mkaka, kuyambira pamene berelo lakwana miyezi iwiri kapena kupitirira pang'ono, chifukwa mankhwala a m'thupi osunga ana m'mimba amalimbana ndi opangitsa mkaka. Ku Ulaya mbuzi zimafuna tonde m'nyengo imodzi yokha ya chaka, pamene masiku akufupika, koma kuno, kumene usana ndi usiku sizisiyana kwambiri, zachikuda ndi zosakanizidwa zambiri zimafuna tonde nthawi iliyonse, masiku 21 aliwonse. Mbuzi yoyenda ndi atonde a m'mudzi ikhoza kukweredwa miyezi iwiri itangoswa, ndipo nyengo yake yokama imathera pa miyezi isanu ngakhale ikudya bwino chotani. Kuti ikamidwe miyezi 10 n'kuswa kamodzi pa chaka, iyenera kukweretsedwa patatha miyezi 7 itaswa. Kwa mbuzi ya m'chitsanzoyi ndi mu Novembala, kuti iume mu Febuluwale n'kuswanso mu Epulo. Tonde akhale m'khola lakelake, kutali ndi pokamira, chifukwanso fungo lake lingalowe mumkaka.

Alimi ena a ku France ndi ku Netherlands amapita patsogolo pa apa: mbuzi zawo zabwino kwambiri sazikweretsa konse chaka chimenecho, koma amapitiriza kuzikama zaka ziwiri kapena kuposerapo. Mkaka umatsika m'nyengo yozizira n'kukweranso masiku akayamba kutalika, ndipo mbuzi imapewa ngozi za kuswa. Njirayi imatheka pa mbuzi zokhazo zimene mkaka wake umatsika pang'onopang'ono mwachibadwa, ndiponso pamene chakudya sichidukiza chaka chonse. Kwa mlimi wa kuno, amene mwana wa mbuzi yosakanizidwa ndi ndalama yaikulu, siyoyenera khola lonse, koma ingathandize pa mbuzi imodzi yabwino imene yalephera kutenga bere pa nthawi yake, m'malo moiumitsa chifukwa chakuti miyezi 10 yakwana.

Mbuzi imene yatenga bere iyenera kuumitsidwa masabata 6 mpaka 8 isanaswe, kuti zakudya zipite kwa ana ndiponso kuti mkaka woyamba udzakhale wolimba. Poumitsa, chakudya chowonjezera chimachotsedwa sabata imodzi pasadakhale, mbuzi imapatsidwa udzu wouma, madzi osawamana, ndipo mkaka ukatsikira pansi pa lita imodzi kukama kumalekedwa kotheratu. Bere limatupa kwa masiku angapo, ndipo kutupako ndiko kumaimitsa maselo, choncho kukamako pang'ono tsiku lililonse chifukwa cha chisoni kumangotalikitsa ntchito ndi kutsegulira majeremusi njira. Ligwidwe tsiku lililonse kwa sabata ziwiri kuona ngati latentha kapena lalimba mbali imodzi, ndipo likafota bwino, pamene kwatsala masabata pafupifupi 6 kuti iswe, dzanja loyamba la madeya osakaniza ndi soya libwerere m'chodyera.